Ndevu ndi cheya cha kumaso: kumeta, kapena kuzula ndi phula, shuga ndi ulusi

Aliyense amene analimapo amadziwa kusiyana kwa kutchetcha udzu ndi kuuzula. Wotchetcha amamaliza msanga, msana osapweteka, koma pakangopita masiku ochepa pamunda pabiriwiranso. Wozula amatuluka thukuta, koma amapuma kwa nthawi. Njira zinayi zochotsera cheya ndi ndevu kumaso zimagawika chimodzimodzi. Lumo limadula pamwamba pa khungu, muzu n'kutsala. Phula, amene ku saluni amati waksi, ulimbo wa shuga ndi ulusi zimazula tsitsi lonse ndi muzu womwe. Ululu umene mudzamve ndi masiku amene mudzakhale wosalala zimachokera pa kusiyana kumeneku.

Koma kwa ife a khungu lakuda ndi tsitsi lopotana pali funso lachitatu limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa awiriwo: njirayo ikusiyirani chiyani pankhope? Ululu wa phula umatha m'mphindi imodzi, pamene dontho lakuda limene limatsala khungu likapsa kapena likatupa limatha miyezi lisanafufutike. Ndaona amayi ambiri amene anayamba ndi ndevu 10 pachibwano, n'kutha ndi chibwano chakuda bii chodzaza ndi totupa, ndipo chimene chinawaononga ndi kachotsedwe kake.

Yambani mwayang'ana pagalasi

Imani panja kapena pawindo masana, nkhope mutasamba, osadzola kanthu. Choyamba onani mtundu wa tsitsi. Pamasaya ndi pamwamba pa mlomo amayi ambiri amakhala ndi cheya chofewa, chopyapyala, chogona. Pachibwano ndi m'khosi ndi pomwe pamatuluka ndevu zenizeni, zolimba, zakuda, zimene zikatalika pang'ono zimayamba kupota. Mitundu iwiriyi sifuna njira imodzi, ndipo palibe cholakwika kugwiritsa ntchito ulusi pamlomo ndi shuga pachibwano tsiku lomwelo.

Chachiwiri, yendetsani chala kuti mudziwe kumene tsitsi lagonera. Kumene chala chikutsetsereka mosavuta ndiko limamerera, kumene chikukwekwesa ndiko kosemphana nalo. Pamwamba pa mlomo cheya chimatsika chikupatukira kumanja ndi kumanzere kuchokera pakati. Pansi pa chibwano ndevu zimasokonezeka, zina kuloza kutsogolo, zina cham'mbali. Malangizo onse amene akubwerawa akudalira kuti mwadziwa zimenezi.

Chachitatu ndi khungu lenilenilo. Ngati mumadzola mafuta oyeretsa khungu, musayandikire phula. Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi mankhwala a siteroyidi, monga kilobetazolo ndi betametazoni, amene amapyapyalitsa khungu moti phula likamatuluka limasenda ndi khungu lomwe, n'kusiya chilonda chofiira psuu chimene chimapola ndi chipsera. Mankhwala omwewo amameretsanso cheya chochuluka kumaso, ndiye mayi amene wadabwa kuti masaya ake achita ubweya kuyambira pamene anayamba kudzola asafufuze patali. Chimodzimodzi amene akudzola tiretinoyini wa ziphuphu asiye kwa sabata imodzi asanazule, ndipo amene akumwa mapiritsi a ayisotiretinoyini adikire miyezi 6 atamaliza mankhwalawo. Pamene pali chilonda, ziphuphu zamafinya, njerewere, kapena matuza aja amatuluka pamlomo munthu akadwala, palekeni mpaka papole, njira ina iliyonse.

Lumo

Kumeta sikupweteka ngati lumo ndi lakuthwa, ndipo ndi njira yotsika mtengo. Ndevu zimakula pafupifupi mamilimita 0.3 mpaka 0.4 pa tsiku, kapena kuti sentimita 1 pa mwezi, ndipo popeza lumo ladula pamwamba penipeni, mawa lake kapena mkuja chala chimayamba kumva kubaya. Cheya chofewa cha pamasaya chimatenga masiku angapo chisanaonekenso chifukwa n'chopyapyala.

Anthu amaopa kuti ukameta kamodzi ndevu zimabwera zambiri ndiponso zokhuthala. Katswiri wina wa thupi la munthu ku America, Mildred Trotter, anayeza zimenezi kale mu 1928 ndipo anapeza kuti kumeta sikusintha kukula, mtundu kapena liwiro la tsitsi. Chimene chimachitika n'chakuti tsitsi lomera lokha limakhala ndi nsonga yopyapyala, pamene lodulidwa limatuluka ndi mutu wodukiza ngati chiputu, ndiye limabaya ndipo limaoneka lakuda kwambiri.

Vuto lenileni la lumo ndi totupa tija timadzaza m'khosi mwa abambo ambiri. Ndevu yopotana ikadulidwa imakhala ndi nsonga yakuthwa, ndipo pomakula imapindika n'kubaya khungu pambali pake, kapena imalephera n'komwe kutuluka n'kumakulira mkati. Thupi limaitenga ngati minga: pamatupa, pamayabwa, nthawi zina pamachita mafinya, ndipo pakapola pamatsala dontho lakuda.

Kuti muchepetse zimenezi, ikani kansalu konyowa ndi madzi ofunda pamalopo kwa mphindi 3 kuti ndevu zifewe. Pakani thovu la sopo wosanunkhira kwambiri kapena mafuta ometera, osameta pouma. Yendetsani lumo kutsata kumene ndevu zagonera, kamodzi kokha pamalo amodzi, osakanikiza ndiponso osakoka khungu, chifukwa khungu lokokedwa likabwerera ndevu yodulidwayo imatsala pansi pake. Lumo lokhala ndi mpeni umodzi ndi labwino kwa ife kuposa la mipeni itatu kapena isanu, popeza enawo amameta mozama kwambiri. Likayamba kukoka m'malo modula, litayeni. Ndipo lumo ndi la munthu mmodzi: kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu.

Kwa abambo a ndevu zodzaza, nkhani ya phula, shuga ndi ulusi ithere pomwepa. Mizu ya ndevu zotere ndi yakuya ndiponso yothithikana, ndipo kuizula kumatulutsa magazi ndi kutupa nkhope yonse. Bambo amene akuvutika ndi totupa amete ndi makina, asiye ndevu zotalika pafupifupi milimita 1, kuti nsonga isapeze mpata wobwerera m'khungu.

Phula

Phula la ntchito imeneyi limagulidwa lokonzedwa kale. Kandulo si phula lozulira tsitsi, ndipo musayese. Lilipo la mitundu iwiri: lofewa limene limapakidwa mopyapyala n'kumatikapo kansalu, ndi louma limene limapakidwa mokhuthala, n'kulisiya ligwirane, kenako n'kulisenda lokha popanda nsalu. Kumaso sankhani loumali, chifukwa limagwira tsitsi kwambiri kuposa khungu.

Tsitsi liyenera kutalika ngati kambewu ka mpunga, mamilimita 5 kapena 6, kutanthauza masabata awiri osameta. Kudikira kumeneku ndi mtengo wobisika wa phula, ndipo amayi ambiri a ndevu za pachibwano amalephera pomwepa. Tsukani nkhope, iume bwinobwino, ndipo wazani pawuda pang'ono. Phula likasungunuka donthezani pang'ono mkati mwa mkono pafupi ndi chikhatho. Lizimveka lofunda basi, ndipo ngati mwadzidzimuka nalo ndiye kuti likuotchani nkhope. Pakani kutsata kumene tsitsi lagonera, kachigawo kosaposa chala chimodzi m'lifupi, ndipo kumapeto siyani kamlomo kokhuthala kogwirira. Likauma moti silikumatanso chala koma likadali lopindika, kokani khungu ndi dzanja lina kuti lithine, n'kutsomphola phulalo kamodzi n'kamodzi molowera kosemphana ndi kumene tsitsi lagonera. Dzanja liyende mogona, motsatira khungu. Mukakokera m'mwamba ngati mukutsegula chivindikiro, tsitsi limaduka ndipo khungu limavulala. Mukangochotsa, kanikizanipo ndi zala kwa masekondi angapo, ululu umazizira msanga. Pamwamba pa mlomo pangani mbali ziwiri padera, ya kumanja ndi ya kumanzere. Tsitsi lotsalira lizuleni limodzilimodzi ndi kachitsulo kozulira, osabwerezanso phula pamalo omwewo. Zotsalira za phula zimachoka ndi mafuta, madzi sazitha.

Ngati mwapita ku saluni, yang'anitsitsani kamtengo kopakira. Kakakhudza khungu lanu sikayenera kubwereranso mumphika wa phula.

Ululu wa phula ndi wakuthwa koma waufupi, ngati kukwapulidwa ndi kalamba, ndipo mlomo wonse umatha ndi kukoka kuwiri kapena kunayi. Pankhope mumakhala wosalala masabata 2 mpaka 4.

Ulimbo wa shuga

Njira imeneyi ndi yakale ku Iguputo ndi maiko a Aluya, kumene ena amaitcha halawa, ndipo ndi imene ndimaikonda pa ndevu zopotana za pachibwano. Chifukwa chake n'chimodzi chachikulu: shuga amachotsedwa kutsata kumene tsitsi lagonera, mosiyana ndi phula. Tsitsi likakokedwa m'njira yake yomwe limatulukira, siliduka kawirikawiri, ndipo tsitsi lodukira pansi pa khungu ndi limene limasanduka chotupa. Ulimbowu umagwiritsidwa ntchito uli wofunda ngati thupi, sumamatira kwambiri pakhungu, umagwira tsitsi lalifupiko, la mamilimita 3, ndipo umachoka ndi madzi ofunda.

Kuuphika ndiye kumafuna mtima. Tengani kapu 1 ya shuga woyera, supuni zazikulu 2 za madzi a mandimu osefa bwino, ndi supuni zazikulu 2 za madzi. Mandimuwo ntchito yake ndi kuletsa shuga kubwereranso kukhala mchenga akazizira. Ikani zonse mupoto wochindikala pansi, pamoto wochepa. Pambaula, dikirani makala agwe mphamvu, chifukwa moto wolilima umapsereza shuga m'kanthawi kochepa. Takasani mpaka shuga asungunuke, kenako musiyeni awire pang'onopang'ono mukumuyang'ana. Amayamba woyera ngati madzi, n'kusanduka wachikasu, kenako mtundu wa uchi. Nthawi zambiri zimatenga mphindi 10 mpaka 15, koma musadalire wotchi. Khalani ndi kapu ya madzi ozizira pafupi, ndipo mtundu wa uchi ukangoyamba donthezanimo pang'ono. Dontho likasungunuka kapena kuphwatalala pansi, sanapse. Likagwirana moti mukulitola n'kuliumba kampira kofewa pakati pa zala, phulani pomwepo. Likauma gwa n'kumasweka ngati siwiti, mwapitiriza. Thiranimo supuni imodzi ya madzi mosamala, chifukwa amathetheka, mutenthetsenso pang'ono n'kuyesanso. Akada ngati tiyi wopanda mkaka n'kumanunkha kupserera, tayani muyambirenso.

Apa ndiye pali ngozi imene anthu amaiiwala pomva kuti shuga saotcha. Pophulidwa amakhala atafika pafupifupi madigiri 120, kuposa madzi owira, ndipo akagwera pakhungu amamatirira. Ana akhale kutali. Khuthulirani m'mbale yachitsulo kapena yagalasi yochindikala, musiye kwa theka la ola kapena kuposa, ndipo musaviikemo chala poona kuti pamwamba pazizira, popeza pakati pamakhala pakadali moto.

Akafika poti mukhoza kumugwira bwinobwino, tapani kampira konga nthudza, mukakande ndi kukakoka pakati pa zala mpaka kasiye kuonekera mkati n'kukhala kotuwa mwagolide. Nkhope ikhale yotsuka ndi youma, yowazidwa pawuda. Ikani kampirako pansi pa kachigawo kamene mukufuna, mukakwekwereze pang'onopang'ono mosemphana ndi kumene tsitsi lagonera, kawiri kapena katatu, kuti ulimbo ulowe mpaka patsinde. Kenako thinitsani khungu ndi dzanja lina, n'kutsomphola mwachangu kutsata kumene lagonera, dzanja likuyenda mogona. Kampira komweko kamagwira ntchito kangapo mpaka kafewe kwambiri.

Chimene chimavuta oyamba kumene n'chakuti ulimbo umakanirira pankhope osachoka. Zimachitika ukatentha ndi manja, kapena khungu likachita thukuta. Zimachitika kwambiri m'mwezi wa Okutobala chifukwa cha kutentha, ndiponso nthawi ya dzinja chifukwa shuga amayamwa chinyezi cha mumpweya. Musalimbane nawo. Matikanipo kansalu ka thonje koyera n'kukoka, kapena ingosambani ndi madzi ofunda, muume, muyambenso ndi kampira katsopano. M'nyengo yotentha gwirani ntchitoyi m'mawa kusanafunde, ndipo ulimbowo muuphike wolimbirapo pang'ono. Pamalo amodzi musabwereze koposa kawiri kapena katatu, ngakhale shuga ndi wofatsa.

Ululu ulipo, popeza muzu ukuzulidwa ndithu, koma ine ndimaumva wocheperapo poyerekeza ndi wa phula, ndipo khungu silifiira kwa nthawi yaitali. Masabata osalala ndi omwewo, 2 mpaka 4.

Ulusi

Ku India, ku Irani ndi maiko oyandikana nawo amayi akhala akuzula nsidze ndi cheya ndi ulusi kuyambira kale. Palibe chotentha, palibe chopaka, ndipo khungu silisendeka, choncho ndi njira imene imatsalira anthu amene phula lawaletsedwa chifukwa cha mankhwala odzola. Ulusi umagwira cheya chachifupi kwambiri, ndipo umadula mzera wowongoka, n'chifukwa chake pa nsidze palibe ina yoposa.

Dulani ulusi wa thonje wosokera, wolimba, wotalika masentimita 50 kapena 60, mumange nsonga zake ukhale mkombero. Lowetsani chala chachikulu ndi cholozera za dzanja lililonse mbali zonse ziwiri, n'kupotoza dzanja limodzi maulendo 8 kapena 10 kuti pakati pakhale popiringizana. Mukatambasula zala za dzanja lamanja n'kutseka za lamanzere, popiringizanapo pamathamangira kumanzere, ndipo mukasinthanitsa pamabwerera. Kuthamanga kumeneku ndi kumene kumakola tsitsi n'kulizula. Gonekani ulusi pakhungu, tsitsi likhale m'kampata ka patsogolo pa popiringizana, ndipo payende mosemphana ndi kumene tsitsi lagonera. Yesererani pamwendo masiku angapo musanafike kumaso. Pamwamba pa mlomo tutumutsani khungu ndi lilime kuchokera mkati, apo ayi ulusi umatsina khungu n'kusiya timabala. Nsidze zisiyireni wodziwa, chifukwa kulakwitsa kamodzi kumachotsa mzera wonse umene mudzaudikire miyezi.

Pa ululu, ulusi ndi umene umaliza anthu ambiri. Kuzula kulikonse n'kochepa, koma kumangopitirira kwa mphindi zingapo, ndipo pansi pa mphuno misozi imatuluka yokha, ena mpaka kuyetsemula. Pa ndevu zolimba zopotana sindiulimbikitsa, chifukwa nthawi zambiri umazidula m'malo mozizula. Ulusi ukadutsa pa njerewere umazifalitsa m'njira yonse imene wayenda, ndiye zikakhalapo musalole, ndipo ku saluni onetsetsani kuti adula ulusi watsopano pamaso panu.

Mmene mungadziwire kuti mwazula kapena mwadula

Mukamaliza ndi phula, shuga kapena ulusi, yang'anani tsitsi lochotsedwalo poyera. Lozulidwa bwino limakhala ndi kamutu kotupa kumapeto, koyera kapena kakuda. Ngati ambiri alibe kamutuko, aduka, ndipo pasanathe sabata mudzaona timadontho takuda tikutuluka ngati munameta. Zikatero chalakwika ndi chimodzi mwa zitatu: tsitsi linali lalifupi kwambiri, dzanja linakokera m'mwamba, kapena munakoka mozengereza chifukwa cha mantha.

Koma ngakhale mutazula bwino, pakatha masiku 10 kapena 14 mudzaona tsitsi lina likutuluka apa ndi apo. Limeneli si lomwe munazula. Tsitsi silikula lonse pamodzi: pamene lina likukula, lina likupuma pansi pa khungu kudikira nthawi yake. Mukamazula pa nthawi yofanana mwezi ndi mwezi, osameta pakati, zimayamba kuyendera limodzi ndipo masiku osalala amachuluka. Tsitsi lomera pambuyo pozula limatuluka ndi nsonga yofewa, silibaya. Palibe njira mwa zinayizi imene imathetseratu ndevu.

Amayi ambiri amaona kuti kuzula kumapweteka kwambiri masiku ochepa asanayambe kusamba ndi pamene akusamba, ndiye ngati mungathe sankhani sabata yotsatira.

Mmene tinachitira ndi mng'ono wanga

Mng'ono wanga anabwera kwa ine kutatsala masabata 6 kuti chinkhoswe chake chichitike. Pachibwano ndi pansi pake anali ndi ndevu zolimba pafupifupi 30, zimene ankameta ndi lezala masiku awiri aliwonse, pouma, mosemphana ndi kumene zagonera kuti pasalale. Panali totupa ndi madontho akuda. Pamwamba pa mlomo panali cheya chofewa chimene sanachikhudzepo. Anati, "Achemwali, ingondipakani waksi tsiku la chinkhoswe m'mawa, zonse zithere pomwepo."

Ndinakana. Njira yatsopano siyesedwa pa tsiku la mwambo, ndipo pa chibwano chotupa sipapakidwa kanthu. Tinawerenga masiku 42. Kuyambira tsiku loyamba anasiya lezala, ndipo imeneyi inali mbali yovuta kwambiri kwa iye, chifukwa ankapita kuntchito tsiku lililonse ndevu zikuoneka. Madzulo aliwonse ankathowa chibwano ndi kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi 5. Pamene ndevu yapindikira m'khungu koma msana wake ukuoneka pamwamba, ndinkaitukula ndi nsonga ya singano yatsopano yopukutidwa ndi sipiriti, kungoimasula, osakumba ndiponso osafinya. Zokwiririka kwambiri tinazisiya zituluke zokha.

Pofika tsiku la 14 ndevu zinali zitafika pafupifupi mamilimita 5 ndipo totupa tambiri tinali titaphwa. Tinayesa shuga pa kachigawo kakang'ono m'mbali mwa nsagwada, n'kudikira masiku awiri. Panafiira pang'ono madzulo omwewo, m'mawa kunalibe kanthu. Tsiku la 16 tinazula chibwano chonse, m'zigawo zinayi chifukwa pansi pake ndevu zinagonera mbali zosiyana. Pa ziwiri kapena zitatu panatuluka kadontho ka magazi konga nsonga ya singano, zimene zimachitika ndevu yolimba ikazulidwa koyamba. Pamlomo tinagwiritsa ntchito ulusi, ndipo iye yekha anati mphindi zinayi za pamlomozo zinamupweteka kuposa chibwano chonse.

Kwa maola 24 otsatira sanadzole pawuda wa kumaso kapena mafuta onunkhira, sanagwiregwire, ndipo anapewa dzuwa lamasana ndi nthunzi ya pamoto. Anangoikapo kansalu ka madzi ozizira. Kuyambira tsiku lachitatu ankapukuta mofatsa ndi kansalu posamba kuti ndevu zatsopano zipeze potulukira. Ndinamuletsa kukhula ndi mwala kapena kupakapo mandimu, zimene anzake anamuuza, popeza zonsezo zimakwiyitsa khungu n'kuwonjezera kuda.

Tsiku la 27 anandiimbira ali ndi nkhawa kuti ndevu zabwerera. Zinali 6 kapena 7 zokha, za gulu lija linali kupuma. Anazidula ndi kasizasi pafupi ndi khungu osazimeta. Tsiku la 38, kutatsala masiku 4, tinabwereza shuga ndi ulusi, ndipo ulendo uno ndevu zinali zochepa, zofewa, osatulutsa magazi. Pa chinkhoswe chibwano chinali chosalala, chopanda chotupa. Madontho akale akuda anali adakalipo, ndipo anawaphimba ndi zodzola. Anatenga miyezi ingapo kuti azilale.

Pa tsiku loyamba lija ndinamufunsanso za kusamba kwake, ndipo anati amatha miyezi iwiri kapena itatu osaona. Ndevu zochuluka pamodzi ndi kusamba kodumphadumpha, ziphuphu zosatha kapena kunenepa mofulumira nthawi zambiri zimaloza ku vuto la mahomoni lochokera m'nkhokwe za mazira, limene kuchipatala amatha kuliyeza ndi kulichepetsa ndi mankhwala. Ndevu zikabuka mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, mawu n'kuyamba kukula ngati a mwamuna, pamenepo m'pofunika kupita mwamsanga. Mng'ono wanga anapita chinkhoswe chitatha, ndipo pamene akumwa mankhwala ake akupitirizabe kuphika shuga wake kamodzi pa masabata anayi, m'mawa wa Loweruka kusanatenthe.